Sipuling'i Yosaoneka Imene Imabweza Khadi pa Foni Yanu

Mukagwira khadi pa sikirini ya foni n'kulikokera kumanja, ntchito ya pulogalamu imakhala yosavuta: chala chikasuntha, khadi lisunthenso. Vuto limayamba mukangochotsa chala. Khadi lija latsala pakati panjira, silili kwawo komanso silinatuluke, ndipo tsopano palibe amene akuliyendetsa. Liyenera kubwerera lokha. Ulendo wobwererawu sutenga ngakhale theka la sekondi, koma ndi umene umachititsa munthu kunena kuti apu iyi imakoma m'manja, kapena kuti ijayi ndi yolemera, ngakhale sangathe kuloza chimene chalakwika.

Njira yakale inali yoikiratu nthawi. Wolemba pulogalamu ankalamula kuti khadi libwerere m'masekondi 0.3, liyambe mwachangu, limalize pang'onopang'ono. Lamulo limeneli limagwira bwino pa chinthu chimene chinali chitaima, monga uthenga wotulukira m'munsi mwa sikirini. Koma khadi lokokedwa silikhala chiimire. Pochoka m'chala limakhala lili ndi liwiro lake, ndipo lamulo la nthawi sililabadira liwirolo. Mwaliponya mwamphamvu, mwalisiya mofatsa, mwalikoka patali, mwalisuntha pang'ono, lonse limabwerera mofanana. Diso limaona khadi likuima mwadzidzidzi kenako n'kuyamba ulendo wina wosagwirizana ndi dzanja. N'chifukwa chake olemba mapulogalamu ambiri amamangirira khadi ku sipuling'i yongowerengera, yopanda chitsulo, n'kulisiya kuti liyende monga mmene chinthu chenicheni chomangidwa pa sipuling'i chingayendere.

Mphamvu ziwiri zokha

Masamu ake ndi akale. Mu 1678, wasayansi wa ku England, Robert Hooke, anafalitsa lamulo lakuti sipuling'i imakoka molingana ndi mmene mwaitambasulira. Mukaitambasula kuwirikiza kawiri, nayo imakoka kuwirikiza kawiri. Nambala imene imanena kuti sipuling'i ndi yolimba bwanji imalembedwa `stiffness` m'mapulogalamu ambiri, kapena `k` m'masamu. Khadi likakhala patali ndi malo ake limakokedwa mwamphamvu, likamayandikira kukokako kumachepa.

Sipuling'i yokha siingaimitse khadi. Pofika pamalo pake khadi limakhala likuthamanga kwambiri, ndiye limapitirira mbali inayo, n'kukokedwanso, n'kupitiriranso, osaleka. Amene anakwerapo galimoto yotha mashoko akudziwa zimenezi: ikagunda bampu imodzi imapitiriza kunjanja mtunda wautali, chifukwa masipuling'i alipo koma chowaletsa palibe. Choncho khadi limapatsidwanso shoko yake. Nambala yake imalembedwa `damping`, kapena `c`. Shoko siona kuti khadi lili pati, imangoona liwiro. Khadi likathamanga imaliletsa mwamphamvu, likamayenda pang'ono imaliletsa pang'ono, likaima nayo imaleka. Palinso nambala yachitatu, kulemera kwa khadi, `mass` kapena `m`. Ine ndimaisiya pa 1 nthawi zonse, chifukwa chilichonse chimene mungapeze poisintha mungachipezenso posintha ziwiri zinazo.

Pulogalamu yonse ya kayendedweka ndi mizere itatu imene foni imabwereza nthawi iliyonse ikamajambula chithunzi chatsopano pa sikirini:

```js
const a = (-k * x - c * v) / m;
v += a * dt;
x += v * dt;
```

Apa `x` ndi mtunda umene khadi latalikira ndi malo ake, `v` ndi liwiro lake, ndipo `dt` ndi kanthawi kamene kadutsa chijambulireni chithunzi chapitacho. Pa foni yojambula zithunzi 60 pa sekondi, kanthawiko ndi masekondi pafupifupi 0.017. M'mizere imeneyi mulibe pamene palembedwa kuti ulendo utenge nthawi yakutiyakuti. Nthawiyo imabadwa yokha kuchokera ku `k` ndi `c`.

Khadi limodzi, mashoko asanu

Titenge khadi limene lakokedwa mapikiselo 120 kumanja, munthu n'kuima kaye, kenako n'kulisiya. Sipuling'i tiipatse kulimba kwa 250, ndipo tisasinthe china chilichonse koma shoko yokha.

Shoko ikakhala 10, khadi limathamangira pakati n'kupitirira kumanzere ndi mapikiselo 42. Limabwerera n'kupitirira kumanja ndi 15, kenako kumanzerenso ndi 5, lisanakhazikike. Pa masewera a ana zimenezi zimasangalatsa. Pa khadi lolembedwa ndalama zimene zatsala mu akaunti, munthu amadikira kuti manambala asiye kuvina kuti awerenge, ndipo akaona zimenezi kakhumi patsiku amatopa nazo.

Tikakweza shoko kufika 16, khadi limapitirira ndi mapikiselo 19, kubwerera kwachiwiri kumakhala kwa mapikiselo 3 okha. Likadali losewera koma layamba ulemu. Pa 25, khadi limafika pakati patangotha kota ya sekondi, limapitirira ndi mapikiselo 2, n'kukhala. Anthu ambiri saona n'komwe kuti lapitirira. Amangomva kuti khadi latera ngati chinthu cholemera ndithu, osati chithunzi chongozimitsidwa apa n'kuyatsidwa apo. Pa 32 silipitirira ngakhale pang'ono, limafika pa pikiselo yomaliza patatha masekondi pafupifupi 0.44.

Wina angaganize kuti kuwonjezerabe shoko kungathandize kuti khadi likhazikike msanga. Zimachitika zosiyana. Pa 60, khadi limayamba bwino koma kenako limakwawa, ndipo limatenga sekondi yathunthu ndi pang'ono kuti lifike. Mapikiselo omaliza amatenga nthawi yaitali moti munthu amafuna kulikankha ndi chala. Apa shoko yagonjetsa sipuling'i.

Malire a pakati pa kupitirira ndi kukwawa sali pamalo ongolota. Amapezeka pa `2 * sqrt(k * m)`, ndiye kuti kupeza nambala imene ikachulukitsidwa ndi iyo yomwe imapereka 250, yomwe ndi 15.8, n'kuiwirikiza kawiri. Yankho ndi 31.6. Shoko iliyonse ikagawidwa ndi malire amenewa imapereka nambala imodzi imene amasamu amaitcha zeta:

`zeta = c / (2 * sqrt(k * m))`

Zeta ikakhala 1, khadi losiyidwa litaima limafika mwachangu popanda kupitirira. Ikatsika pansi pa 1 limapitirira, ikakwera pamwamba pa 1 limakwawa. Mashoko athu asanu aja amapereka 0.32, 0.51, 0.79, 1.01 ndi 1.9. Ubwino wa nambala imeneyi ndi wakuti imanena khalidwe la khadi mosatengera kulimba kwa sipuling'i. Zeta ya 0.5 imapitirira ndi 16 peresenti ya mtunda, ya 0.7 ndi pafupifupi 5 peresenti, ya 0.8 ndi 1.5 peresenti, kaya sipuling'i ndi yolimba kaya yofewa.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka akamachuna pongoyerekeza. Munthu ali ndi khadi la 250 ndi 25 lija, akuliona ngati likuchedwa, ndiye akukweza kulimba kufika 500. Khadi likunyamukadi msanga, koma tsopano likupitirira ndi mapikiselo 14 m'malo mwa 2. Shoko sanaikhudze, koma malire asamuka kuchoka pa 31.6 kufika pa 44.7, ndipo zeta yagwa kufika 0.56. Choipa china n'chakuti kugwedera sikukutha msanga kuposa kale, chifukwa chimene chimapha kugwedera ndi shoko, osati kulimba. Akanafuna khadi lachangu la khalidwe lomwelo, shoko inayenera kukwera limodzi kufika 35. Munthu wosadziwa izi amatha madzulo onse akukweza ichi, kutsitsa icho, osamvetsa chifukwa chimene kukonza chimodzi kukuwonongera chinzake.

Yambani ndi mafunso amene munthu angayankhe

Palibe amene amadziwa m'mutu mwake kuti kulimba kwa 250 kumamveka bwanji. Koma aliyense angayankhe mafunso awiri awa: khadi lifulumire bwanji, ndipo lidumphe bwanji likafika? Funso lachiwiri ndi zeta. Loyamba ndi nthawi imene sipuling'i yopanda shoko ingatenge kupita mbali ina n'kubwerera pamene inayambira. Nthawiyo tikaitcha `T`, kulimba kumapezeka motere:

`k = m * (2π / T)²`

Mukasankha masekondi 0.4 mumapeza 247, nambala imene ndinaikweza pang'ono kukhala 250 ija. Mukasankha 0.3 mumapeza 439, mukasankha 0.5 mumapeza 158. Kenako mumasankha zeta, n'kuichulukitsa ndi malire aja kuti mupeze shoko. Mukachuna motere, kusintha changu sikukhudza kudumpha, ndipo kusintha kudumpha sikusokoneza kwenikweni changu.

Makampani opanga zida za olemba mapulogalamu anatsata njira yomweyi, aliyense mwa mtundu wake. Mu SwiftUI ya Apple mumalemba `response` ndi `dampingFraction`, zomwe ndi nthawi ija ndi zeta. Pa Android, `SpringForce` imalandira kulimba ndi zeta, ndipo ili ndi manambala okonzeratu: kulimba kwa 200 kumatchedwa `STIFFNESS_LOW`, kwa 1500 `STIFFNESS_MEDIUM`, pamene zeta ya 0.5 ndi `DAMPING_RATIO_MEDIUM_BOUNCY`. Pa intaneti, react-spring imagwiritsa maina akuti `tension` ndi `friction`, ndipo mukapanda kusankha imakupatsani 170 ndi 26. Mukawerengera zeta yake mupeza 0.997, kutanthauza kuti anaiika dala pamalire penipeni. Chenjezo ndi lakuti nambala yolembedwa `damping` pa chida china ikhoza kukhala shoko yeniyeni, pa china n'kukhala zeta. Mukakopera 0.8 kuchoka pamene imatanthauza zeta n'kukaiika pamene pakufunika shoko, khadi lidzagwedera kwa masekondi ambiri ngati lopanda choliletsa.

Kwa ine, khadi la msinkhu wa chikhatho limakhala bwino nthawi ikakhala pakati pa masekondi 0.3 ndi 0.5, zeta ili pakati pa 0.75 ndi 1. Kusankha pakati pa 0.8 ndi 1 kuli ndi chifukwa chake. Pa msonkhano wa olemba mapulogalamu wa Apple wa 2018, okonza maonekedwe a kampaniyi analangiza kuti poyamba pasakhale kudumpha konse, ndipo kudumpha pang'ono kubwere pokhapokha ngati dzanja la munthu linali ndi liwiro. Ndimagwirizana nazo kwathunthu. Khadi limene latseguka chifukwa mwadina batani silinalandire mphamvu kwa aliyense, choncho likadumpha limaoneka lachibwana. Khadi limene mwaliponya ndi chala lalandira mphamvu kwa inu, ndipo kupitirira pang'ono kuja ndi umboni wakuti foni yamva dzanja lanu. Kumbukiraninso kuti kupitirira kumayenda ndi mtunda. 5 peresenti ya mapikiselo 120 ndi mapikiselo 6, koma pa tsamba lalikulu loyenda mapikiselo 700 ndi 35, okwanira kuonetsa mpata wopanda kanthu kuseri kwa tsambalo. Chinthu chikakula, zeta iyandikire 1.

Liwiro la chala lisatayike

Manambala onse aja akhoza kukhala olondola, khadi n'kumamvekabe lakufa. Kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chimodzi: sipuling'i yayamba ndi liwiro la 0, pamene khadi linali paulendo.

Tibwerere ku khadi lathu la 250 ndi 25, koma ulendo uno munthu walisiya chala chikuyendabe kumanja pa liwiro la mapikiselo 800 pa sekondi. Pulogalamu ikapereka liwiroli kwa sipuling'i, khadi limapitirizabe kumanja mapikiselo ena 7, kufika pa 127, n'kutembenuka. Zonsezi zimatha m'masekondi 0.02, nthawi ya chithunzi chimodzi chokha ndi pang'ono. N'zochepa kwambiri, koma zikasowa khadi limakhala ngati lagunda khoma losaoneka, ndipo dzanja limazindikira zimenezi mutu usanadziwe. Mbali inayo, munthu akaliponyera kumalo ake mwamphamvu, ngakhale sipuling'i ya zeta 1 ikhoza kupitirira kamodzi. Pa khadi lathuli zimayamba liwiro likaposa mapikiselo pafupifupi 1900 pa sekondi. Kumeneko si kulakwa kwa manambala, ndi mmene chinthu choponyedwa chimachitira.

Kuyeza liwiroli kumafuna chisamaliro. Mukatenga malo awiri omaliza okha a chala, nambala imalumphalumpha, chifukwa chala chimapendekeka pochoka pagalasi. Mukatenga ulendo wonse, munthu amene anakoka mwachangu n'kuima kuti aganize amaona khadi likuuluka pamene iye analisiya litaima. Njira yabwino ndi kuwerengera kayendedwe ka masekondi pafupifupi 0.1 omaliza. Kenako muonetsetse muyeso. Zida zina zimapereka liwiro pa sekondi, zina pa gawo limodzi mwa magawo 1000 a sekondi, moti liwiro lomwelo limalembedwa 800 uku, 0.8 uko. Pa UIKit ya Apple, `initialSpringVelocity` imafuna liwiro logawidwa ndi mtunda wonse wa ulendo, ndiye 800 ija pa mtunda wa 120 imakhala 6.7. Zizindikiro zake n'zosabisika. Ngati kuponya mwamphamvu ndi kusiya mofatsa zikuoneka chimodzimodzi, nambala yachepa kwambiri kapena siikufika. Ngati khadi likusowa pa sikirini n'kubwera patapita kanthawi, nambala yakula mopyola.

Pa makhadi amene amatayidwa kumbali, liwiro lomweli liyeneranso kuthandiza kugamula kumene khadi likupita. Pa sikirini ya mapikiselo 360 m'lifupi, ngati lamulo likuti khadi lidutse theka kuti lichoke, munthu woponya mwachangu n'kusiya pa 120 amakhumudwa kuliona likubwerera. Pulogalamu ifunse kumene khadi likadafika likanasiyidwa kuti liyende. Kungowonjezera ulendo wa masekondi 0.2 pa liwiro la 800 kumapereka 280, ndipo zikuonekeratu kuti munthuyu amafuna khadi lichoke.

Chinthu china chimene ndimachiona kawirikawiri ndi kuika sipuling'i pakati pa chala ndi khadi nthawi yokoka. Wolemba pulogalamu amafuna kuti kukokako kusalale, koma khadi limatsalira m'mbuyo mwa chala, ndipo munthu amaganiza kuti foni ikuchedwa. Chala chikakhala pagalasi, khadi likhale pansi pake ndendende, pamalo pomwe analigwira. Sipuling'i ikhoza kuyendetsa zinthu zina zing'onozing'ono, monga kukula pang'ono kwa khadi likanyamulidwa kapena chithunzithunzi chake, koma osati malo ake. Ndipo munthu akaligwiranso lisanafike, sipuling'i ileke nthawi yomweyo, khadi likhale pamene lagwidwa, osalumphira kumene limapita.

Foni ikatsamwa

Mizere itatu ija ili ndi malire ake, ndipo amaonekera pa mafoni otsika mtengo, amene ndiwo ali m'manja mwa anthu ambiri kwathu kuno. Zinthu zikamayenda bwino, sitepe yoyamba ya khadi lathu imalichotsa pa 120 kulifikitsa pa 112, yachiwiri pa 99, n'kumapita choncho. Koma tiyerekeze kuti pamene munthu akuchotsa chala, foni yatanganidwa kutsegula chithunzi cha khadi lotsatira, ndipo padutsa masekondi 0.1 isanajambule. Pulogalamu ikaika 0.1 pa `dt`, imatenga kukoka kwamphamvu kwa poyamba kuja ngati kuti kwapitirira nthawi yonseyo. Liwiro limafika 3000, ndipo m'sitepe imodzi khadi limachoka pa 120 kumanja kukagwera pa 180 kumanzere. Lafika kutali kuposa kumene linachokera. Pa manambala athuwa, masitepe opitirira masekondi pafupifupi 0.06 akatsatizana, kugwedera kumakula m'malo mochepa mpaka khadi kusowa. Sipuling'i ikalimba kwambiri, malirewa amachepanso.

Mankhwala ake ndi kuduladula nthawi. Padutse masekondi 0.1 kapena 0.017, pulogalamu iwerengere timasitepe ting'onoting'ono tofanana, mwachitsanzo ta masekondi 0.001, mpaka nthawi yodutsayo ikwane, kenako ijambule kamodzi. Kuwerengera koteroko sikulemetsa foni. Ndi bwinonso kuika malire pa nthawi yodutsayo, kuti munthu akatuluka mu apu n'kubwerera patatha mphindi, pulogalamu isayese kulipira mphindi yonseyo. Ena amathawa vutoli polemba 1/60 mosasintha pa `dt`. Khadi silisowadi, koma pa foni yojambula zithunzi 120 pa sekondi limathamanga kuwirikiza kawiri, ndipo pa foni yotsamwa limayenda ngati latopa. Zida zodziwika zija zinakonza kale zimenezi, koma wolemba sipuling'i yake yekha ayenera kuzikumbukira.

M'masamu sipuling'i siifika, imangoyandikirabe mpaka kalekale. Choncho pamafunika lamulo loimitsa: mtunda wotsala ukachepera theka la pikiselo, liwiro nalonso litatsika kwambiri, khadi liikidwe pamalo pake ndipo kuwerengera kuthe. Mfundo ziwirizi ziyendere limodzi. Mukayang'ana mtunda wokha, khadi lodutsa pakati lili paliwiro limaima ngati ladulidwa. Mukaiwala lamulo lonse, foni imapitiriza kujambula khadi loima kale, batire n'kumatha, ndipo chilichonse chodikira kuti khadi lifike chimachedwa.

Pali anthu amene zinthu zogwedera pa sikirini zimawachititsa chizungulire ndi nseru. Mafoni ali ndi posankha kuti kuyendayenda kuchepe, ndipo pa intaneti pulogalamu imadziwa zimenezi kudzera mu `prefers-reduced-motion`. Kwa munthu wotere khadi litsatirebe chala, popeza iye ndiye akuliyendetsa, koma pobwerera zeta ikhale 1, nthawi ifupike, ndipo kupendekeka ndi kukula kuja zichotsedwe.

Poyesa, mausi ndi kompyuta sizikwanira, chifukwa mausi saponya ngati chala chachikulu. Tengani foni yofooka kwambiri imene mungaipeze. Kokani khadi pang'ono n'kusiya, kenako likokeni mpaka kumapeto n'kusiya. Liponyeni kumene limabwerera, liponyeninso kumbali inayo. Kokani mwachangu, imani sekondi imodzi, siyani: liyenera kubwerera mofatsa. Ligwireni lili m'njira. Ngati pali chimene chikukukayikitsani, jambulani sikirini ndi foni ina pa kanema woyenda pang'onopang'ono, n'kuyang'ana zithunzi zitatu kapena zinayi zotsatira pamene chala chachoka. Khadi likaoneka pamalo amodzi pa zithunzi ziwiri zotsatizana, ndiye kuti liwiro latayika popatsirana kapena sipuling'i yachedwa kuyamba, ndipo kusintha `stiffness` kapena `damping` sikungakonze zimenezo.